Mmene mungatsatire mbiri ya kampani yomwe inasintha dzina, inaphatikizana ndi ina kapena inagulidwa

Mwina muli ndi satifiketi yakale ya masheya, kalata ya penshoni, pangano la inshuwalansi kapena chikalata cha ngongole. Pamwamba pa pepalalo pali dzina la kampani, koma mukalifufuza lero silikupezeka. Kapenanso likupezeka, koma omwe akuligwiritsa ntchito akukana kuti za pepala lanulo sakuzidziwa. Ambiri amasiyira pomwepa poganiza kuti kampaniyo inafa. Nthawi zambiri imakhala kuti ikadalipo, kungoti ikudziwika ndi dzina lina, kapena udindo wake unapita m'manja mwa ena omwe angathe kupezeka.

Musanayambe kufufuza, dziwani kuti chomwe timangoti kampani chili ndi zinthu zitatu zomwe zingathe kusiyana njira. Pali dzina. Pali kampani yeniyeniyo, yomwe inalembedwa m'kaundula wa boma ndipo malamulo amaiona ngati munthu woima payekha, wotha kukhala ndi katundu, kukongola ndalama ndi kusumiridwa kukhothi. Ndiye pali bizinesi yake, kutanthauza mafakitale, nthambi, makasitomala ndi antchito. Dzina lingasinthe kangapo ndipo lingagulitsidwe. Bizinesi nayo ingasamutsidwe yonse kupita kwina. Chomwe sichisintha ndi nambala yomwe kampani inapatsidwa tsiku lomwe inalembetsedwa, ndipo nambalayo sipatsidwanso kwa kampani ina. Choncho ntchito yonse yagona pa kupeza nambalayo, kuitsatira mpaka lero, kenako kuona ngati dzina ndi bizinesi zinatsala nayo kapena zinapatukira kwina.

Yambani ndi pepala lomwe muli nalo

Koperani dzina monga momwe linalembedwera, osasiya chilembo chilichonse. Timawu ta kumapeto, monga Limited, Ltd, plc kapena Inc., tisakuonekereni ngati topanda ntchito. Chimodzimodzi mawu ngati Holdings, Group kapena dzina la dziko lomwe lili mkati mwa dzinalo. Gulu limodzi la makampani limatha kukhala ndi makampani makumi angapo omwe maina awo amangosiyana ndi liwu limodzi, koma iliyonse ili ndi nambala yake ndi ngongole zake.

Kenako yang'anani m'munsi mwa pepalalo, mu timalemba ting'onoting'ono tomwe anthu sawerenga. Mmenemo ndi momwe mumakhala dziko lomwe kampani inalembetsedwa, adilesi yake yovomerezeka, ndipo mukachita mwayi, nambala yomwe tikufunayo. Ku Britain, mwachitsanzo, lamulo limakakamiza kampani kulemba nambala yake pa makalata a bizinesi ndi pa webusaiti yake. Lembaninso tsiku la pepalalo, chifukwa funso lomwe mudzafunse kaundula ndi lakuti: pa tsiku limeneli, ndi kampani iti yomwe inali ndi dzina limeneli?

Chenjerani ndi dzina lalikulu lokongoletsedwa pamwamba. Kawirikawiri limakhala dzina la malonda chabe, lomwe makasitomala amalidziwa, pomwe kampani yomwe inasaina pangano ndi yomwe yalembedwa pansi.

Pitani ku kaundula wa dziko lomwe kampani inalembetsedwa

Dziko lililonse lili ndi ofesi yolembetsa makampani, ndipo yoyenera kufunsa ndi ya komwe kampani inabadwira, ngakhale malonda ake ankachitikira kwina. Kaundula wa ku Britain, Companies House, ndi wabwino kuphunzirirapo chifukwa aliyense angathe kumufufuza pa intaneti osalipira. Mukalemba dzina lakale, amakuonetsani makampani omwe ali ndi dzinalo lero komanso omwe analigwiritsapo ntchito kale. Tsamba la kampani iliyonse limasonyeza nambala, tsiku lomwe inalembetsedwa, ndi mmene ilili pano: `Active` ngati ikadalipo, `Liquidation` ngati katundu wake akugulitsidwa kuti itsekedwe, `Dissolved` ngati inafafanizidwa. M'munsi mwa tsambalo muli gawo la `Previous company names`, lomwe limandandalika maina akale ndi masiku ake.

Apa yerekezani masiku mosamala. Ngati pepala lanu ndi la 1985 koma kampani yomwe mwapezayo inalembetsedwa mu 2003, si yomweyo, ngakhale dzina litafanana ndendende. Dzina likasiyidwa, wina angathe kulitenga, ndipo izi zimachitika kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Mukatsimikiza kuti nambala ndi yolondola, tsegulani `Filing history`. Umu ndi momwe muli zikalata zonse zomwe kampani inatumiza ku kaundula. Werengani kuyambira zakale kubwera kuno, ndipo musataye nthawi pa chikalata chilichonse. Mukufuna zizindikiro zochepa chabe. Satifiketi yosinthira dzina ndi chimodzi. China ndi nthawi yomwe akuluakulu oyendetsa kampani atula pansi udindo ambiri tsiku limodzi, ena atsopano n'kulowa, adilesi n'kusinthanso masabata omwewo. Zikatere, pafupifupi nthawi zonse kampani yagulidwa, ndipo adilesi yatsopanoyo ndi ya wogulayo. Malipoti a zachuma a chaka chotsatira amatsimikiza zimenezi, chifukwa chakumapeto kwake amatchula kampani yomwe ili pamwamba pa zonse. Pa zomwe zachitika kuyambira 2016, gawo la `Persons with significant control` limasonyeza yemwe akuilamulira.

Ku Amereka zinthu zinagawika pawiri. Makampani amalembetsedwa m'zigawo za dzikolo, aakuluakulu ambiri ku Delaware, choncho palibe kaundula mmodzi wa dziko lonse. Koma makampani omwe amagulitsa masheya kwa anthu amatumiza malipoti ku SEC, bungwe la boma loyang'anira malonda a masheya, ndipo malipotiwo ali pa nkhokwe yake ya pa intaneti yotchedwa EDGAR kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990. Kumeneko kampani iliyonse ili ndi nambala yotchedwa CIK, yomwe nayonso sisintha dzina likasintha. Chikalata cha `8-K` chimalengeza zochitika zikuluzikulu monga kugulidwa, cha `S-4` chimafotokoza mgwirizano womwe eni masheya alipidwe ndi masheya ena, ndipo mu lipoti la pachaka la `10-K`, gawo la `Exhibit 21` limandandalika makampani akuluakulu omwe ali pansi pake. Ngati simukudziwa n'komwe dziko loyambirapo, webusaiti ya OpenCorporates imasonkhanitsa zochokera m'makaundula a maiko ambiri ndipo ingakulozereni njira, koma zomwe mwapezako mukazitsimikize ku kaundula mwiniwake.

Dziwani chomwe chinachitika kwenikweni

Apa ndi pomwe pamafunika kufatsa. Nyuzipepala zimangoti kampani yakuti yagulidwa kapena yaphatikizana ndi inzake, koma mawu amenewa amabisa zinthu zosiyana kwambiri, ndipo kusiyanako ndiko kumanena yemwe ali ndi udindo pa pepala lanu.

Chophweka kuposa zonse ndi kusintha dzina kokha. Mu Okutobala 2021, Facebook, Inc. inakhala Meta Platforms, Inc. Kampani ndi yomweyo, nambala ndi yomweyo, ndipo mapangano onse akale akugwirabe ntchito. Palibe china chofufuza.

Chachiwiri ndi kugula masheya. Wogula amatenga masheya kwa eni ake akale, koma kampani yogulidwayo imakhalabe ndi moyo, ndi nambala yake, antchito ake ndi ngongole zake. Chasintha ndi mwini wake basi. Ngati inali ndi ngongole kwa inu, woyenera kulipira ikadali iyo yomwe, ndipo kampani yaikulu yomwe inaigula siikakamizidwa kukulipirani chifukwa chongokhala mwini wake. Kwa mwini masheya nkhani ndi ina. Masheya akale amasinthidwa ndi ndalama kapena ndi masheya a wogula, pa mlingo womwe unalembedwa m'chikalata cha mgwirizano. Pomwe Exxon ndi Mobil zinkagwirizana pa 30 Novembala 1999, Exxon inasintha dzina kukhala Exxon Mobil Corporation, Mobil inakhala kampani ya pansi pake, ndipo sheya imodzi ya Mobil inasinthidwa ndi masheya 1.32015 a Exxon. Yemwe anali ndi masheya 100 a Mobil anapeza 132. Mu 2001 sheya iliyonse inagawidwa pawiri, ndipo 132 aja anakhala 264. Pa sitepe iliyonse ya mbiri, lembani mlingo wotere, chifukwa popanda iwo simungadziwe kukula kwa chomwe mukufunsa.

Chachitatu ndi kuphatikizana kwenikweni. Nthawi zina kampani imodzi imamezedwa ndi inzake: nambala yake imatsekedwa, ndipo katundu ndi ngongole zake zonse zimapita kwa yotsalayo mwalamulo. Nthawi zina amapanga kampani yatsopano pamwamba pa ziwirizo. Ndi mmene zinakhalira mu Disembala 2000, pomwe Glaxo Wellcome ndi SmithKline Beecham zinalowa pansi pa kampani yatsopano ya GlaxoSmithKline, yomwe mu 2022 inafupikitsa dzina kukhala GSK. Mukafufuza kampani ya pamwambayo m'kaundula, muona kuti ndi yaing'ono msinkhu kwambiri poyerekeza ndi bizinesi yake. Mbiri yakale ili m'makampani a pansi aja, omwe ambiri amakhala akadalipo ndi nambala zawo zakale.

Chachinayi ndi chomwe chimapweteka anthu: kugulitsa katundu ndi bizinesi, kampani yeniyeniyo n'kutsala. Wogula amasankha zomwe akufuna, monga mafakitale, zizindikiro za malonda, ngakhale dzina lomwe, ndipo ngongole zomwe sanavomere kutenga zimatsala ndi kampani yakale. General Motors ndi chitsanzo chodziwika. Kampani yakale, General Motors Corporation, itagwa pa zachuma mu 2009, katundu wake wabwino anagulitsidwa kwa kampani yatsopano pa 10 Julayi chaka chomwecho. Yatsopanoyo inatenga dzina la General Motors Company, pomwe yakale inatchedwa Motors Liquidation Company ndipo ntchito yake inali yongogulitsa zotsala ndi kugawira omwe inawakongola. Magalimoto anapitiriza kutuluka ndi maina omwewo, koma masheya a kampani yakale sanasanduke masheya a yatsopano, ndipo pamapeto pake anathera pachabe. Munthu wotsatira dzina angaganize kuti satifiketi yake ya 2005 ndi ya kampani yomwe ilipo lero. Wotsatira nambala aona msanga kuti ndi makampani awiri.

Pali msampha winanso womwe ndimafuna aliyense audziwe: wogula kutenga dzina la yomwe wagula. Mu 2005, SBC Communications inagula AT&T Corp., kenako iyo yomwe inasintha dzina kukhala AT&T Inc., poti dzinalo linali lotchuka kuposa lake. Ndiye kuti AT&T Inc. ya lero, mukaitsatira m'mbuyo ndi nambala yake, imakufikitsani ku SBC, yomwe poyamba inali Southwestern Bell Corporation, imodzi mwa makampani omwe anapatulidwa ku AT&T yakale mu 1984. Mwana anagula kholo lake n'kutenga dzina lake. Mukaona kuti maina akale a kampani sakugwirizana ndi mbiri yomwe mukuidziwa, musafulumire kunena kuti kaundula walakwitsa. Fufuzani ngati sipanachitike kusinthana maina kotere.

Tiyeni titsatire banki imodzi kuyambira pachiyambi

Tiyerekeze kuti muli ndi buku la akaunti la chaka cha 1985, lolembedwa Midland Bank plc, yolembetsedwa ku England, nambala 14259. Banki ya dzina limeneli simuipezanso m'misewu ya ku Britain.

Pa Companies House nambala zimakhala ndi manambala asanu ndi atatu, choncho onjezani maziro kutsogolo ndi kulemba `00014259`. Chomwe chituluke ndi HSBC Bank plc, yomwe ikadalipo, ndipo inalembetsedwa mu 1880. Pa maina akale mupeza Midland Bank plc, dzina lomwe linasiyidwa mu 1999. Masiku akugwirizana: mu 1985 nambala imeneyi inalidi ndi dzina la Midland. Mwaigwira kampani yeniyeniyo.

Tsopano funsani chomwe chinachititsa kuti dzina lisinthe. Gulu la HSBC linagula gawo la Midland, 14.9 pa 100 aliwonse, mu 1987, kenako mu 1992 HSBC Holdings, kampani ya pamwamba ya gululo, inagula masheya onse. Uku kunali kugula masheya, mtundu wachiwiri uja, ndiye chifukwa chake nambala sinasinthe. Onani kuti kuchokera pomwe banki inagulidwa kufika pomwe dzina linasintha panadutsa zaka zisanu ndi ziwiri. Mukanangodalira tsiku losinthira dzina, mukanalemba kuti inagulidwa mu 1999, zomwe si zoona. Onaninso kuti masheya a Midland anasiya kugulitsidwa pamsika mu 1992, choncho yemwe ali ndi satifiketi ya masheya funso lake likupita ku HSBC Holdings, pomwe wa buku la akaunti funso lake likadali ndi banki.

Ambiri angaime apa n'kulembera kalata HSBC Bank plc. Koma paja tinati bizinesi ingathe kuchoka n'kusiya nambala. Pambuyo pa mavuto a zachuma a 2008, Britain inakhazikitsa lamulo loti mabanki akuluakulu alekanitse ntchito yosunga ndalama za anthu wamba ndi malonda ena oika ndalama pachiswe. Potsatira lamuloli, pa 1 Julayi 2018 maakaunti a anthu wamba ndi a mabizinesi ambiri a ku Britain anasamutsidwa, ndi chilolezo cha khothi, kupita ku kampani ina yatsopano, HSBC UK Bank plc, yomwe likulu lake lili ku Birmingham. Maina awiriwa akusiyana ndi zilembo ziwiri zokha, koma ndi makampani awiri. Choncho kampani yomwe inali Midland ndi HSBC Bank plc, koma nthambi ndi makasitomala wamba a Midland ali ku HSBC UK Bank plc, ndipo kumeneko ndi koyambira kufunsa za buku lanu. Kusamuka kotereku simungakuone pa mndandanda wa maina akale. Mumakupeza powerenga lipoti la pachaka, pomwe chuma cha kampani chatsika mwadzidzidzi ndipo mawu ofotokozera akunena komwe chapita. Ichi n'chifukwa chake ndimalimbikira kuti mukapeza nambala, muwerenge ndithu malipoti a zaka zingapo, makamaka chaka chomwe chiwerengero cha antchito kapena cha katundu chasintha kwambiri.

Ngati cholinga chanu ndi kulemba mbiri, mufunika kubwereranso m'mbuyo kupyola 1985, ndipo kumeneko kaundula wa pa intaneti sathandiza kwenikweni, chifukwa maina a nthawi yomwe makompyuta kunalibe nthawi zambiri sasonyezedwa onse. Mbiri ya Midland inayamba mu 1836 ku Birmingham, ndi dzina la Birmingham and Midland Bank. Chaka cha 1880 chomwe chili m'kaundula ndi chomwe inalembetsedwa pansi pa lamulo la makampani, itagwira kale ntchito zaka 44. Mu 1891 inatenga Central Bank of London n'kukhala London and Midland Bank. Mu 1898 inaphatikizana ndi City Bank n'kukhala London City and Midland Bank. Mu 1918 inatenga London Joint Stock Bank, dzina n'kutalika kukhala London Joint City and Midland Bank, mpaka mu 1923 pomwe analidula n'kutsala Midland Bank. Liwu lililonse lomwe linkawonjezedwa pa dzinalo linali chizindikiro cha banki yomwe yamezedwa, ndipo nthawi zina banki yomezedwayo inali itamezanso ena ang'onoang'ono. Mukamatsatira kupita kutsogolo, njira imakhala imodzi kapena ziwiri. Mukamabwerera m'mbuyo, imachita nthambi ngati mizu ya mtengo, ndiye sankhiranitu muzu womwe mukuufuna, apo ayi simudzamaliza.

Chitsanzochi chikuonetsanso chifukwa chake chaka chomwe kampani imanena kuti inayamba chiyenera kufunsidwa bwino. Gulu la HSBC limawerengera chiyambi chake kuchokera mu 1865, pomwe Hongkong and Shanghai Banking Corporation inatsegulidwa ku Hong Kong. Midland inayamba mu 1836, nambala yake ndi ya 1880, ndipo banki yomwe ikusunga maakaunti ake lero inayamba ntchito mu 2018. Zaka zonsezi ndi zoona, koma chilichonse chikuyankha funso lake.

Kaundula akakhala chete

Makampani omwe anafafanizidwa kalekale sapezeka pa intaneti. Apa pitani ku gazeti ya boma, momwe malamulo amafuna kuti zidziwitso za kutsekedwa kwa makampani zisindikizidwe. Ya ku Britain, London Gazette, inayamba mu 1665 ndipo makope ake akale amafufuzika pa intaneti. Chidziwitso chotere chimatchula tsiku ndi munthu yemwe anasankhidwa kugulitsa katundu wa kampaniyo. Muwerenge mawu ake mosamala, chifukwa si kutsekedwa konse komwe kumatanthauza kugwa. Kale makampani ambiri ankatsekedwa mwadala pofuna kusamutsira bizinesi ku kampani yatsopano ya dzina lofanana, ndipo chidziwitsocho chimanena kuti cholinga ndi kukonzanso kapena kuphatikiza. Mukaona mawu otere, fufuzani kampani yomwe inalembetsedwa miyezi yomweyo.

Nkhokwe za zikalata zakale za boma zimasunga ena mwa mafayilo a makampani omwe anatha. Ku National Archives ya ku Britain ali m'gulu la `BT 31`, ngakhale kuti si onse omwe anasungidwa. Makampani akuluakulu nawo amakhala ndi nkhokwe zawozawo, momwe muli mabuku a makampani omwe anawagula, ndipo zikalata za Midland zili m'nkhokwe ya HSBC ku London. Pa zaka zaposachedwapa, Wayback Machine imasunga zithunzi za mawebusaiti kuyambira 1996. Tsegulani webusaiti yakale ya kampaniyo chaka ndi chaka, muziwerenga mzere wa pansi penipeni pa tsamba, ndipo muona chaka chomwe dzina la mwini wake linasintha. Ngati chomwe mukutsatira ndi dzina la katundu wogulitsidwa, kaundula wa zizindikiro za malonda amasonyeza mwini wake wa pano, ndipo m'maiko ena amasonyezanso omwe anagulitsana chizindikirocho. Kumbukirani kuti mwini chizindikiro sakhala ndi udindo pa ngongole za yemwe anachiyambitsa pokhapokha ngati anavomera kuzitenga.

Lembani mwadongosolo ndipo tsimikizani mfundo iliyonse

Tengani pepala ndi kulemba mzere umodzi pa chochitika chilichonse: tsiku, dzina lakale, dzina latsopano, nambala, mtundu wa chomwe chinachitika, ndi komwe mwazipeza. Nambala ikasintha pakati pa mizere iwiri, imani kaye. Pamenepo payenera kukhala chikalata chosonyeza mmene udindo unachokera ku kampani imodzi kupita ku inzake, kaya ndi chigamulo cha khothi, pangano logulitsa katundu kapena satifiketi yophatikizira. Ngati chikalatacho simunachipeze, mzerewo ndi woganizira chabe, ndipo muulembe choncho kuti musadzadzinamize nokha mawa.

Samalani ndi masiku. Mgwirizano umodzi umakhala ndi tsiku lomwe unalengezedwa, tsiku lomwe eni masheya anavomera, tsiku lomwe unamalizidwa, ndi tsiku lomwe dzina linasintha, ndipo pakati pa masikuwa pamatha kudutsa miyezi kapena zaka. Nyuzipepala zimachita phokoso pa tsiku loyambalo, koma lomwe lili ndi mphamvu ya lamulo ndi lomalizira mgwirizano. Komanso si zonse zolengezedwa zomwe zimachitika. Mu 1992 momwemo, banki ya Lloyds nayo inkafuna kugula Midland, nkhani inalembedwa kwambiri, koma inabwerera m'mbuyo. Munthu wopeza nkhani imodzi yokha ya nyuzipepala ya miyezi imeneyo angathe kulondola banki yolakwika. Choncho chomwe mwawerenga m'nyuzipepala kapena pa tsamba la mbiri la kampani, chiyerekezeni ndi chikalata cha m'kaundula kapena lipoti la pachaka lotsatira.

Mukafika ku kampani ya lero, lemberani mlembi wa kampaniyo pa adilesi yomwe ili m'kaundula. Ngati nkhani ndi ya masheya, makampani akuluakulu amalemba ntchito kampani ina yosunga kaundula wa eni masheya, ndipo dzina lake limapezeka pa gawo la eni masheya la webusaiti yawo. Ngati ndi ya penshoni, dziwani kuti thumba la penshoni nthawi zambiri limayendetsedwa palokha ndi matrastii, ndipo lingathe kukhalapo ngakhale kampani yolemba ntchito inatha, kapena lingakhale kuti linasamutsidwira ku kampani ya inshuwalansi. M'kalatamo tchulani dzina lakale, nambala ya kampani, nambala ya pepala lanu ndi tsiku lake, kenako fotokozani m'mizere yochepa mmene mwatsatira kuchokera ku dzina lakale kufika kwa iwo. Wolandira kalata angakhale kuti dzina lakalelo sanalimvepo, ndipo mndandanda wanu ndi womwe umuthandize kudziwa kabati yoyenera kutsegula. Tumizani makope okha, pepala lenilenilo musunge. Ngati ndalama zake ndi zambiri, kapena mwapeza kuti panali kugulitsa katundu kapena kutsekedwa kwa kampani, onanani ndi loya wa m'dziko lomwe kampaniyo inalembetsedwa musanachedwe, chifukwa madandaulo otere amakhala ndi malire a nthawi, ndipo malirewo amasiyana dziko ndi dziko.